Zidole Ziwiri ndi Bulangete Limodzi

Pepala la sewero lija ndikadali nalo. Ndi kumbuyo kwa kalendala yakale, ndipo m'ngodya zake zinayi muli timabowo ta mapini. Mawu a chidole chimodzi ndinalemba ndi cholembera chofiira, a chinzake ndi chakuda. Anthu a ku tchalitchi amati ndi sewero labwino kwambiri limene Sande sukulu yathu inachitapo, ndipo ine ndikamva zimenezo ndimangoti zikomo n'kusintha nkhani.

Chaka cha namondwe chija, matope atatsika m'phiri ku Manje, anatenga nyumba ya mng'ono wanga, iye ndi mwamuna wake ali momwemo. Mwana wawo wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anthu anamuvuula ali moyo. Maliro atatha ndinabwera naye kwathu ku Bangwe. Panalibe chokambirana, mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, ndipo iye ankanditchula kuti amayi chiyambire kulankhula. Koma anthu a pa poloti pathu anayamba kumutchula kuti wa ku Manje, pofuna kumusiyanitsa ndi mwana wanga wobereka, amene anali wamkazinso, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Sipanapite nthawi, nanenso ndinapezeka ndikumutchula choncho.

Nyumba yathu inali ya lendi, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Ana ankagona pabalazapo, pa mphasa imodzi, ndipo bulangete lawo linali limodzi. Miyezi yoyamba sizinavute. Koma itafika Juni, chiperoni chitayamba kutsika m'phiri la Bangwe, mwana wanga anatulukira luso lodzikulunga. Ankagwira nsonga imodzi n'kugubuduka nalo lonse. M'mawa uliwonse ndinkapeza wa ku Manje atadzipinda pakona ya mphasa, atafunda chitenje changa chakale. Sankadandaula, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkandipweteka kwambiri. Ndinkakalipa, wanga n'kuyamba kulira mokuwa kuti bulangetelo ndi lake, anamugulira ndi adadi ake. Ndinamutsinapo kangapo. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa.

Mwamuna wanga ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo chaka chimenecho ganyu ankapezeka mwa apo ndi apo. Ine ndinali woyembekezera. Tsiku lina m'mawa, phokoso la bulangete lili mkati, anaima pakhomo akumanga zingwe za nsapato nati, "Amake mwana, ine ndatopa ndi nkhondo ya daile. Wa ku Manjeyu ali ndi azakhali ake ku Phalombe. Chisanu chino chikamatha, ngati zili chonchi, apite."

Azakhali akewo ndinkawadziwa. Si anthu oipa, koma munda wawo unakokolokanso ndi madzi, ndipo sukulu ili kutali ndi kwawo. Ndinadziuza kuti vuto ndi phokoso basi. Ana akasiya kukangana, bambo awo asowa chonena, mwana akhala. Ndinakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa zinali zosavuta kukhulupirira.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzitsa Sande sukulu, kalasi ya tiana ta zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri. Tinalipo awiri, ine ndi mayi wina wachikulire amene anapuma ntchito yophunzitsa sukulu ya mkaka. Tonse tinkawatchula kuti aphunzitsi aakulu. Anali ndi chikwama cha zidole za m'manja zimene anasoka okha, ndipo kawiri kapena katatu pa chaka tinkachita sewero. Mutu wa mwezi umenewo unali kugawana. Nditamva choncho ndinalumpha n'kunena kuti sewero ndilemba ine. Mumtima ndinkati mwana wangayu mawu anga anawazolowera, koma chidole chikalankhula amamvetsera kukamwa kuli yasa.

Ndinalemba masamba atatu a kope, mbali zonse. Ndinanyadira kwambiri. Lachiwiri masana ndinapita nawo kwa aphunzitsi aakulu, iwo anavala magalasi, nawerenga tsamba loyamba, natembenuza kuti aone kutalika kwake, n'kundibwezera.

"Uwu ndi ulaliki, mayi. Mukawapatse abusa."

"Koma uthenga wake ndi wabwinotu."

"Valani chidolechi. Kwezani dzanja lipitirire mutu. Yambani kuwerenga."

Ndinavala, n'kukweza dzanja. Ndisanamalize tsamba loyamba phewa linali likuyaka moto, chidole chikutsika pang'onopang'ono ngati chikumira m'chitsime. Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anandiuza malamulo ake, amene mpaka lero ndimatha kuwatchula ndili m'tulo. Sewero la tiana lisapitirire mphindi zisanu, chifukwa dzanja limatopa ndipo ana amatopa dzanja lisanatope. Lonse likwane pa pepala limodzi lalikulu, chifukwa kuseri kwa nsalu manja amakhala m'zidole, palibe wotembenuza tsamba. Chidole chisalankhule mawu oposa mpweya umodzi chinzake chisanayankhe. Pakhale mawu amodzi obwerezabwereza, katatu, kuti kachitatu ana awanene okha. Ukawafunsa ana funso, likhale la yankho limodzi, apo ayi kalasi yonse iyamba kukusimbira za agalu akwawo. Ndipo chidole chisaphunzitse. Chidole chizilakwitsa, ana azichikonza, phunziro ndi vesi loloweza zibwere pambuyo, mphunzitsi atatuluka kuseri kwa nsalu.

"Nanga agawana chiyani?" anafunsa. "Apa mwalemba banzi. Banzi ayi. Ana ena amabwera osadya. Mukaonetsa banzi, maso onse akhala pa banzi, ndipo pomaliza mudzafunsidwa kuti adye ndani."

Ndinati, "Bulangete."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Nkhani ya kwathu ankaidziwa. Anangotsegula chikwama n'kutulutsa zidole ziwiri.

Zinali za masokosi a pa kaunjika, imodzi yofiira, ina yakuda. M'kamwa mwake anaikamo katoni yopinda pakati n'kuikuta ndi kansalu, maso anali mabatani a malaya, tsitsi linali ulusi wolukira majuzi. Manja zinalibe. Sitinazipatse mayina a anthu, chifukwa aphunzitsi aakulu anati ukatchula chidole chaumbombo dzina la munthu, m'kalasi mupezeka mwana wa dzina lomwelo, ndipo anzake amuseka mpaka Khirisimasi. Choncho zinangokhala Wofiira ndi Wakuda. Wofiira ndiye anali mwini bulangete, ndipo ndinasankha kumuvala ine.

Pulakatisi tinachitira pa khonde pathu Loweruka masana, chifukwa m'tchalitchi munali a kwaya. Tinaika thabwa pamwamba pa misana ya mipando iwiri, n'kulendeweza chitenje chokhuthala, ife n'kugwada kuseri. Bulangete la zidole linali chidutswa cha thaulo lakale, kukula kwake ngati mpango wa m'thumba. Ana awiri aja ndinawathamangitsa kuti akasewere, ndinkafuna akaone Lamulungu ngati wina aliyense. Anapita mpaka pakona ya nyumba basi, n'kumasuzumira. Ndinawaona, koma ndinali wotanganidwa.

Kuyendetsa chidole kumaoneka kophweka kwa amene wakhala pa benchi. Zala zinayi zimalowa kumtunda kwa kamwa, chala chachikulu kumunsi. Ine ndinkatsegula pakamwa pokweza zala zinayizo, Wofiira n'kumalankhula akuyang'ana kudenga.

"Akulankhula ndi malata kodi? Tsitsani chala chachikulucho, zinazo zikhale chete. Pindani dzanja, maso ake aone ana."

Pakamwa pamayenera kutseguka mogwirizana ndi mawu, n'kutsekeka mawu akatha. Chidole chimene sichikulankhula chimatembenukira kwa chinzake n'kukhala bata, chifukwa zonse zikamagwedezeka tiana sitidziwa kuti akulankhula ndani. Polowa sichimangovumbuluka, chimakwera pang'onopang'ono ngati pa masitepe. Ndipo mawu uziwatulutsa mokweza kawiri kuposa mmene umalankhulira, chifukwa nsalu imameza ena.

Vuto lalikulu tinalipeza pomwepo. Chidole chopanda manja chimagwira zinthu ndi kamwa. Ine ndinali nditamulembera Wofiira mawu ambiri okaniza, koma nditangotsegula pakamwa kuti anene kuti "langa", bulangete linagwera pansi. Ndinayesanso, linagwanso. Ndinapsa mtima, ndikuti tilisokere pakhosi pake. Aphunzitsi aakulu anati ayi, tifufute mawuwo. Wofiira akaluma bulangete azingoti "mmm, mmm" akupukusa mutu, ndipo ana aseka kuposa mmene akanasekera mawu. Akafuna kulankhula, ayambe waliika pa thabwa. Ndinafufuta mizere isanu ndi umodzi, sewero n'kufupika lokha.

Otsala anali mathero. M'pepala langa, Wofiira akamva chisoni ankati, "Tiye tilidule pakati, iwe theka ine theka." Ndinali nditakonzeratu kale zidutswa ziwiri zolumikiza ndi ulusi umodzi kuti zikakokana zipatuke. Tinayesa, zinapatuka bwinobwino, ine n'kuwomba m'manja ndi chidole chomwe.

Aphunzitsi aakulu anavula Wakuda n'kumuika pa mwendo.

"Izi ndiye ayi ndithu. Tiana ta msinkhu uwu timachita zimene taona, osati zimene tamva. Lolemba m'mawa makolo adzakhala pa mzere pakhomo panu pano, aliyense ndi bulangete lodula. Komanso theka la bulangete silifunditsa munthu. Mwangopanga anthu awiri ozizidwa."

"Ndiye tipange kuti akangovomera kugawana, bulangete likule. Tisinthanitse kuseri kuno ndi lalikulu."

"Mwana akafika kwawo, wavomera kugawana, bulangete osakula, muti chiyani? Mwana wamng'ono sanamizidwa, mayi. Amakumbukira."

Ndinakwiya. Ndinati ndiye lembani nokha, poti zonse mukudziwa ndinu. Iwo anangotenga chidutswa china cha thaulo chosadula, nachiyala pa thabwa, navalanso Wakuda. Anati tiyese kuzifunditsa zonse ziwiri mmene chililimu. Sichinakwane. Anati ndisendere. Ndinasendera ndi maondo, sichinakwanebe. Ndinasenderanso mpaka phewa langa linakanikiza lawo, mimba yanga ikugunda chigongono chawo, mikono yathu itagundana kuyambira m'munsi mpaka m'mwamba. Pamenepo kathaulo kanakwana, mitu iwiri ikutuluka pamwamba.

"Mathero anu ndi amenewo," anatero. "Lembani."

Ndinalemba, ndipo pa kalendala paja mpaka lero pali chonchi:

WAKUDA: (akunjenjemera) Kukuzizira!
WOFIIRA: (waluma bulangete) Mmm! Mmm!
WAKUDA: (kwa ana) Anzanga, Wofiira anene kuti chiyani?
(DIKIRANI ANA AYANKHE)
ANA: Sendera kuno, malo alipo!
WOFIIRA: (aika bulangete pa thabwa) Koma ndi laling'ono!
WAKUDA: Likula kodi?
WOFIIRA: Silikula.
WAKUDA: Ndiye titani?
WOFIIRA: (ayang'ana ana, ayang'ana Wakuda, WERENGANI MPAKA ZITATU) Sendera kuno, malo alipo.

Mawu amenewo ana sakanawadziwa okha, choncho koyambirira tinaika kachigawo koti Wakuda akusimba kuti amayi ake ankamuuza choncho akamagona, n'kuwapempha ana kuti awanene naye limodzi. Nditalemba mzere umenewo ndinauwerenganso. Ndinaganiza zoufufuta chifukwa cha wa ku Manje. Ndinausiya, chifukwa sewero linkaufuna.

Lamulungu lake kunali chifunga, kamvula kakuwaza. Kalasi yathu imakumana m'kanyumba kakale kuseri kwa tchalitchi, kopanda magalasi m'mawindo. Ana anadzaza, ena atavala majuzi a akuluakulu ofika m'maondo, ena malaya okha. Anga awiri anakhala kutsogolo, koma pakati pawo panali mpata woti n'kukhalapo mwana wina. Tinamanga pepala ndi mapini mkati mwa chitenje, pa msinkhu wa maso athu titagwada, n'kuyala katoni pansi chifukwa simenti inali yozizira.

Wofiira atangokwera masitepe ake, bulangete lili kukamwa, kalasi inaphulika. Ndinadikira kuti kuseka kutsike, monga anandiphunzitsira, chifukwa ukalankhula ana akuseka mawu ako amatayika. Kuseri kwa nsalu suona nkhope ya mwana aliyense, umayendera makutu basi. Wakuda atanjenjemera koyamba, anayankha ana ochepa. Kachiwiri, theka la kalasi. Kamnyamata kena kanakuwa kuti, "Wofiira ndi wakuba!" anzake n'kukatsutsa kuti si wakuba, ndi womana. Kachitatu malata anachita kunjenjemera. Ndipo pakati pa mawu onsewo ndinamva a mwana wanga, ndimawadziwa, okwera kuposa a onse, akukalipira dzanja la mayi ake lomwe kuti sendera kuno, malo alipo.

Ndinawerenga mpaka zitatu, phewa likuwawa, n'kunena mzere wanga womaliza. Tinagundanitsa mapewa, aphunzitsi aakulu nakoka kathaulo ndi dzanja lawo linalo. Ana anawomba m'manja osauzidwa. Titatuluka kuti tiphunzitse vesi, ndinapeza mpata uja kulibe. Wanga anali atalowetsa dzanja la wa ku Manje m'juzi lake, awiriwo atapanikizana ngati tiana ta nkhuku. Ndinatembenuka msanga n'kuyamba kuchotsa mapini, kuti ana asaone aphunzitsi awo akulira.

Sewero linagwira ntchito, ndisaname. Lolemba m'mawa ndinawapeza onse awiri m'bulangete, mapazi anayi akutuluka kumunsi. Lachiwiri chimodzimodzi. Phokoso la m'mawa linatheratu. Mwana wanga mawu aja anawatenga ngati nyimbo, ankawanena pa mpando, pa beseni losambira, ngakhale kwa mphaka wa aneba. Wa ku Manje anayamba kuseka mokweza, kumene sindinamumve chibwerere kwathu. Ine ndinkayenda modzimva. Ndinawauza bambo awo kuti mwaona, nkhondo ija yatha.

Anati, "Eya, ndaona."

Patapita milungu itatu, Loweruka masana, kunabwera achimwene anga, amene ndi malume wa ana onsewa. Anakhala pa khonde ndi mwamuna wanga, ine ndinakhala pansi chapafupi. Ndinadziwa kuti anakumana kale kwina, chifukwa mawu awo ankalandizana bwino kwambiri. Ganyu kulibe. Alandilodi akudandaula kuti anthu tachuluka pa poloti. Wina ali m'njira, ndipo akabadwa pabalaza pafunika malo. Achimwene nawo kwawo ku Chinyonga amakhala m'nyumba ya abwana awo, saloledwa kusunga mwana wa wina. Azakhali ake avomera, abwera Loweruka linalo kudzamutenga.

Ndinati, "Koma munkati vuto ndi phokoso."

Mwamuna wanga sanakweze mawu, ndipo mwina zikanandithandiza akanakweza. Anati, "Amake mwana, phokoso ndinkangonena. Ufa mumaphika ndinu. Ndiuzeni inuyo ngati tikwanitsa, ine ndimva."

Onse awiri anandiyang'ana. Ndimakonda kunena kuti anandikakamiza, ndipo kwa anthu ndimanenadi choncho. Koma anandifunsa. Ine wa pakamwa pakuthwa, amene ndimatha kukangana ndi kondakitala kuchokera ku Limbe mpaka ku Bangwe, ndinayang'ana mimba yanga, ndinaganiza za thumba la ufa limene ndinkaligwedeza masiku amenewo kuti litsike, n'kunena kuti, "Chabwino. Akakhale kaye kumeneko, zikayenda tidzamutenga." Mawu akuti kaye ndinawaikamo kuti ndipeze pogwira, ndipo tonse atatu tinadziwa zimenezo.

Ana ndinawauza Lachisanu madzulo tikudya. Wa ku Manje anangoti, "Chabwino amayi," n'kupitiriza kudya pang'onopang'ono. Wanga sanamvetse. Anafunsa ngati nayenso akupita, ndinati ayi. Anafunsa kuti abwera liti, ndinati posachedwa.

Loweruka m'mawa azakhali aja anafika, mayi woonda wofatsa, atafunda chitenje m'mapewa. Ndinawapatsa tiyi, n'kuyamba kulongedza zovala za mwana m'jumbo. Zinali zochepa, zambiri mwa izo zopatsidwa ndi azimayi a ku tchalitchi. Mwana wanga anaima pakhomo la kuchipinda akundiyang'ana. Ataona nsapato zikulowa m'jumbo, m'pamene anazindikira.

"Amayi, chifukwa chiyani akupita?"

"Nyumba yachepa, mwanangu."

"Ikula kodi?"

Ndinaima, diresi lili m'manja. Sankaseka. Ankandipatsa mzere wanga, monga Wakuda ankachitira, n'kumadikira kuti ndiyankhe wotsatira.

"Siikula," ndinatero.

"Ndiye muziti sendera kuno, malo alipo."

"Zija ndi zidole, iwe."

"Koma Wofiira ndinu. Ndinaona wotchi yanu."

Azakhali aja anaweramira m'kapu ya tiyi. Ine manyazi anandigwira, ndipo manyazi anga satenga nthawi kusanduka ukali. Ndinamuuza kuti achoke pamaso panga, nkhani za akuluakulu si zake. Anachoka. Ndinatuluka kukatenga sopo wa mwana kubafa, ndinacheza pang'ono ndi aneba amene ankafuna kutsanzika, n'kubwerera m'nyumba.

Ana awiriwo ndinawapeza kuchipinda kuseri kwa bedi. Bulangete linali pansi, wa ku Manje atagwira mbali imodzi kuti likungike, wanga akudula ndi lezala la bambo ake. Anali atafika kale kupitirira pakati. Mzere wake unali wokhotakhota, ndipo pachala chake pankatuluka magazi osazindikira n'komwe. Atandiona sanaope, anamwetulira.

"Iye theka, ine theka. Ngati zija munkachita pa khonde zija."

Ndinamumenya. Sindinamutsine monga kale, ndinamumenya khofi lenileni, ndi dzanja lamanja, lomwe lija limavala Wofiira. Anagwera pa bedi. Ndinakuwa kuti bulangete limodzi lomweli waliwononga, ufunda chiyani, ukuganiza kuti bambo ako amatola mabulangete mumsewu? Sanalire msanga. Anandiyang'ana kaye nthawi yaitali, atagwira tsaya. Amene analira ndi wa ku Manje, akunena kuti pepani amayi, ndine ndinagwira, musamumenye.

Bulangete lodulidwa kupitirira pakati lilibenso ntchito. Ndinatola lezala lija n'kumaliza ndekha. Theka ndinapinda n'kuliika m'jumbo pamwamba pa nsapato. Tinawaperekeza mpaka pa siteji. Wa ku Manje anakwera minibasi, anakhala pa miyendo ya azakhali ake, jumbo ali nalo pachifuwa. Sanayang'ane kunja, ndipo ine sindinamuimbe mlandu.

Lamulungu ndinawauza aphunzitsi aakulu zonse, tikusesa m'kalasi ana asanafike. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani. Anangotsamira tsache nati, "Tikanawathamangitsa ndithu tsiku la pulakatisi lija." Ndinati vuto si limenelo. Anati, "Ndikudziwa, mayi," n'kupitiriza kusesa.

Sitinamutenge. Mwana wina anabadwa, ganyu anabwera n'kupitanso, ndipo chaka chilichonse pamakhala chifukwa chatsopano chomveka bwino. Ndinapitako kamodzi. Watalika, sukulu amapita masiku amene azakhali ake sakumufuna ku ganyu ya m'minda. Anandigwadira pondipatsa moni, nanditchula kuti anti. Theka lija ndinaliona litayanikidwa pa chingwe, lathetheka moti dzuwa limaonekera.

Chaka chotsatira makolo anapempha kuti sewero lija tilibwereze m'chisanu, ndipo tinalibwereza. Ndinamanga pepala ndi mapini m'timabowo tomwe tija, ndinagwada, ndinakweza dzanja. Ana anaseka pamene amayenera kuseka. Wakuda atafunsa kachitatu kuti Wofiira anene chiyani, kalasi yonse inakuwa, ine n'kumatchera khutu kufunafuna mawu amodzi. Chaka chimenecho pa chitenje tinali titaboola kabowo kosuzumirapo tikafuna kudziwa ngati ana atopa. Ndinaika diso. Mwana wanga anali pa benchi yachiwiri, manja ali m'juzi, pakamwa atatseka. Sankayang'ana zidole, ankayang'ana pakati pa chitenje pamene ankadziwa kuti pali nkhope yanga.

Aphunzitsi aakulu anandigunda ndi chigongono, chifukwa zitatu zinali zitakwana kalekale. Ndinatsitsa chala chachikulu, Wofiira natsegula pakamwa, ndipo ndinanena mzere wanga.